Diso limodzi la Korola

Motoka ya diso limodzi usiku imaoneka ngati njinga yamoto, ndipo wobwera kutsogolo amaipatsa malo a njinga basi. N'chifukwa chake nyale yakumanzere ya Korola ya amalume itafa, sitinadikire kuti apolisi atikumbutse pamsewu. Motokayo ndi takisi, ndiyo imatidyetsa kuno ku Chawama.

Babu yake ndi H4, ya mapini atatu. Kuichotsa sikufuna sipanala: umazula pulagi kumbuyo kwa nyale, kuvula chilabala, kumasula kawaya kogwirira, babu n'kutuluka. Yatsopano ndinaigwira kuchitsulo, chifukwa mafuta a m'zala amapsereza galasi likatentha. Nditabwezera zonse, amalume anayatsa. Kumanja kunawala, kumanzere kuli zii.

Mnyamata wina wapafupi, wa aja odziwa zonse osagwira kanthu, anati ndi rile. Amalume sanatembenuke n'komwe. “Mphwanga, werenga nyale,” anandiuza. “Zafa zingati?”

Funsolo ndilo limakulozera kopita. Pa motoka iyi rile ndi imodzi, imatsegulira moto nyale zonse ziwiri, koma nyale iliyonse ili ndi fyuzi yake. Rile ikafa, zonse zimazima pamodzi. Popeza yakumanja inali kuyaka, rile inalibe mlandu. Zikanafa zonse, tikanaika chala pa rile n'kumva ngati ikuti “tiki” poyatsa, kenako n'kuisinthanitsa ndi ina ya manambala ofanana, monga ya hutala. Kulira kokha sikokwanira, pakuti rile imatha kulira m'kati mwake mutapsa.

Tinayamba taika babu yatsopanoyo kumanja, chifukwa nazonso zatsopano zina zimabwera zakufa kale. Inayaka bwinobwino. Ndiye tinatsegula kabokosi ka mafyuzi pafupi ndi batire. Pachivundikiro pali mapu, ndipo wathu anali pa HEAD LH, fyuzi yofiira ya 10A. Nditaiyang'ana padzuwa, kawaya ka m'kati kanali kataduka.

Babu ya 55W pa 12V imakoka pafupifupi 4.6A, choncho fyuzi ya 10A siingapse popanda chifukwa. Pamenepa m'pamene ambiri amaika yabuluu ya 15A, kapena kukulunga kawaya pa yakufayo. Ine zimenezo ndimadana nazo, chifukwa chimene chikanapsereza fyuzi yotchipa chimakapsereza mawaya onse. Amalume anatsatira waya ndi zala kuchokera ku pulagi, mpaka anapeza pamene unakhuzika ndi chitsulo cha bodi, mkuwa uli pamtunda. Mabampu a m'komboni anali atagwira ntchito yawo.

Tinakulunga tepi, kumangirira wayayo patali ndi chitsulo, n'kuika 10A ina. Babu yakale tinaiyesanso kumanzere, ndipo inayaka mbali zonse ziwiri, dimu ndi fulu. Amalume anaisiya momwemo. Yatsopano anaibwezera m'kabokosi kake n'kuiponya m'dashibodi, akudandaula za ndalama yomwe ikanagula mafuta.