Sikelo Sikuuza Zonse

Anyamata ambiri amene ndimacita nawo masewera olimbitsa thupi amabwera ndi funso limodzi: kodi nkotheka kucotsa mafuta a pamimba ndi kukulitsa minofu pa nthawi imodzi? Ine ndimayankha kuti inde, makamaka kwa iwe amene ukungoyamba kumene ndipo uli ndi mafuta oculukirapo. Koma nchitoyi ifuna kuleza mtima, cifukwa sikelo ikhoza kukugwetsa mphwayi.

Coyamba, mafuta sasanduka minofu ai. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mafuta ndi nkhokwe ya thupi, ndipo amacepa pamene udya moceperako pang'ono kusiyana ndi mphamvu imene ugwiritsa nchito. Minofu imakula ukaipatsa nchito yolemera, cakudya comanga thupi ndi tulo. Thupi la woyamba kumene limamva msanga nchito yatsopano, ndipo mphamvu yomangira minofu litha kuitapa m'nkhokwe ija. Koma mafuta sacoka pamalo amene wasankha. Ngakhale ulimbitse pamimba kambirimbiri, amacoka pang'onopang'ono m'thupi lonse.

Ndikupatse citsanzo ca mnzanga wina wa zaka 22, amene anali ndi makilogalamu 80 ndi ciuno ca masentimita 94. Iye anafuna kuleka kudya nsima. Ndinamletsa, pakuti njala imadya minofu pamodzi ndi mafuta. M'malo mwa mitanda itatu anayamba kudya iwiri, naonjezera ndiwo zamasamba. Anacepetsa zitumbuwa, zakumwa zozuna, shuga wa mu tiyi ndi saladi wophikira.

Kenaka tinawerengera mapuloteni, ndiwo cakudya comanga thupi. Munthu wonyamula zolemera afunika magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Kwa mnzangayo ndiye kuti magalamu 128. Iye anadandaula kuti alibe ndalama za nyama, koma nyama siyokhayo. Mazira atatu apatsa magalamu 18. Kapenta wouma wa magalamu 50 apatsa pafupifupi 30, soya wouma wa magalamu 100 apatsa pafupifupi 50, ndipo kapu ya nyemba zophika ipatsa 15. Kapu ya mkaka ndi nsima zikwaniritsa zotsala. Nsawa nazo nzabwino, koma ziri ndi mafuta ambiri, tero kadzanja kamodzi kakwana.

Pa masewera tinasankha masiku atatu: Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu, kuti minofu izipuma pakati. Zida zathu zinali cigubu ca madzi ca malita 20 ndi nthambi yolimba ya mtengo. Tsiku lililonse anali kunyonyomala ndi kuimirira atakumbatira cigubu, kucita mapushapu, kudzikoka pa nthambi, ndi kunyamula cigubu kucoka pansi msana uli woongoka. Ciliconse anacicita kasanu ndi katatu kufikira khumi ndi kawiri, napuma mphindi ziwiri, mpaka maulendo atatu. Cinsinsi ciri apa: akafika pa khumi ndi kawiri mosabvutika, anali kuonjezera kulemera, monga kuthira mcenga m'cigubu. Minofu imene ipatsidwa katundu yemweyo mwezi ndi mwezi iribe cifukwa cokulira.

Patapita miyezi itatu anakwera pa sikelo, napeza makilogalamu 79. Nkhope yake inagwa, nati wataya nthawi pacabe. Tinabwereka tepi ya telala ndi kupima pa mcombo: masentimita 89. Mapushapu anacoka pa 8 kufika pa 25. Sikelo imapima zonse pamodzi, mafupa, madzi, mafuta ndi minofu, ndipo siidziwa cimene cacoka ndi cimene cabwera.

Motero, mnzanga, upime ciuno cako kamodzi pa sabata, m'mawa usanadye, ndi kulemba m'kabuku pamodzi ndi zimene wanyamula. Ngati ciuno cicepa ndipo mphamvu zikula, uli pa njira. Ngati mwezi watha ciuno osasintha, cepetsako cakudya pang'ono. Koma ngati utsika koposa theka la kilogalamu sabata ndi sabata, mphamvu nazo zicepa, ndipo ucita cizungulire, ndiye kuti ukudzimana mopitirira. Onjezera nsima, ndipo uzigona maola asanu ndi atatu.

Atsikana, musaope kuti mudzaoneka ngati amuna, pakuti minofu yanu siikula cotero. Koma mtsikana akaleka kusamba kumwezi cifukwa codya pang'ono, apite kucipatala. Ndipo iwe amene ukali kukula, wosafika zaka 18, kapena ndiwe woonda kale, usacepetse cakudya konse. Idya mokhuta, nyamula katundu amene ukwanitsa bwino, ndipo minofu idzabwera.