Fungo la Koloboyi

Tsiku lina madzulo nditaweruka ku ofesi, ndinapatukira pakamsika kuti ndigule tomato. Mdima unali utayamba, ndipo mayi wogulitsayo anakhwatcha machesi n'kuyatsa koloboyi. Utsi wa palafini utangondilowa m'mphuno, ndinangoti chilili, ndalama ili m'manja. Ndinali ndafika kwathu ku Dedza, m'nyumba ya agogo anga aakazi, ndili ndi zaka 7. Ndinawaona akusendera kufupi ndi kanyaliko, akuyesa kulowetsa ulusi pasingano kuti asoke kabudula wanga wa kusukulu.

“Bambo, nditapire wa zingati?” anafunsa mayiyo, mwina kachiwiri.

Agogowo anatisiya kalekale. Chithunzi chawo chili pakhoma kwanga, ndimachiona tsiku ndi tsiku, koma sichinandibwezerepo usiku umenewo. Nanga utsi wachabechabe unatha bwanji?

Ife a m'boma timadziwa kuti kalata sifika kwa bwana isanadzere kwa mlembi. M'mutu mwathu namonso zili chomwecho. Zimene maso aona ndi zimene makutu amva zimayamba zaima pamalo otchedwa thalamasi, kenako n'kutumizidwa koyenera. Fungo ndi mlendo wolowa osagogoda. Tinthu take tikakhudza minyewa ya kumtunda kwa mphuno, uthenga umafika pakachigawo ka ubongo kolandira fungo, ndipo kuchoka apo umalunjika ku amigidala, kumene kumagwira mantha ndi chimwemwe, ndi kumadera oyandikana ndi hipokampasi, imene imatithandiza kusunga zochitika. N'chifukwa chake mtima unayamba kugunda ndisanazindikire n'komwe chimene ndinkanunkhiza.

Ofufuza anapezanso kuti zimene fungo limakumbutsa nthawi zambiri ndi za zaka 10 zoyambirira za moyo, pamene mawu ndi zithunzi zimakonda kukumbutsa za unyamata. Fungo limamatirira pa chinthu chimene linakumana nacho koyamba. Ine kuyambira kusekondale ndakhala pa magetsi, ndipo akazima timayatsa kandulo. Choncho palafini anangokhala ali wa agogo okha, wosasokonezedwa.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Ndinagula koloboyi wanga, n'kumayatsa pakhonde usiku uliwonse kuti agogo azibwera. Masiku oyamba ankabweradi. Patatha milungu iwiri, utsi uja unkangondikumbutsa khonde lomwelo ndi kudandaula kwa mayi a kunyumba kuti ndikudetsa khoma.

Ndinaimbira foni achemwali anga aakulu n'kuwafotokozera za usiku wa kabudula uja. Anaseka.

“Achimwene, nthawi imeneyo agogo maso anali atafooka kale. Ulusi ndinkawalowetsera ndine.”

Ndinatsutsa, poti ndinali nditaziona bwinobwino pamsika paja. Koma kuwala kwa chikumbukiro si umboni woti n'choona, ndipo iwo anali ndi zaka 13. M'chithunzi chimene utsi unandibweretsera, achemwaliwo mulibemo. Koloboyi uja ndinamuika m'katoni pamwamba pa kabati, ndipo sindinamuyatsenso.