Miyeso isanu ndi itatu ya wodi ya amayi oyembekezera

Ntchito yanga ndi kuthandiza zipatala kukonza khadi loyezera ntchito, limene akadaulo amalitcha balansidi sikokhadi. Ndi tsamba limodzi lokhala ndi miyeso yochepa yogawidwa m'mbali zinayi: anthu amene tikuwatumikira, kayendedwe ka ntchito mkati, luso la ogwira ntchito, ndi ndalama. Robert Kaplan ndi David Norton ndiwo adalifotokoza koyamba mu 1992 m'magazini ya Harvard Business Review, ndipo ankaganizira makampani, n'chifukwa chake adaika ndalama pamwamba. Chipatala cha mishoni kapena cha boma sichikhalira phindu, choncho ine ndimatembenuza dongosolo lija: wodwala pamwamba, ndalama pansi monga chochirikiza. Koma kutembenuzako n'kosavuta. Chimene chimatenga nthawi, ndipo ndicho ndikufuna kutsindika, n'chakuti mbali zinayizo si mabokosi anayi odzaza ndi manambala amene alipo kale. Muyeso uliwonse uyenera kukhala chifukwa cha muyeso wa pamwamba pake, komanso uyenera kukhala ndi unzake wouyang'anira kuti wina asaukometse mwachinyengo. Khadi losowa ziwirizi ndi lipoti wamba lolembedwa m'mizere inayi.

Tiyerekeze wodi ya amayi oyembekezera pa chipatala cha mishoni pamene pamabadwa ana 200 pamwezi. Aliyense pamsonkhano woyamba amafuna kuti muyeso wapamwamba ukhale imfa za amayi, ndipo mtima wawo uli pamalo oyenera. Ine ndimakana, ndipo chifukwa chake ndi masamu. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti m'Malawi amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Ngakhale titati imfa zonsezo zimachitikira m'chipatala, pa ana 2,400 pachaka tikadayembekezera imfa pafupifupi khumi, kusafika imodzi pamwezi. Mwezi wina sipakhala imfa, mwezi wina ziwiri, ndipo khadi likusintha mtundu kuchoka kobiriwira kupita kofiira pamene azamba sadasinthe kalikonse. Imfa ya mayi iliyonse iyenera kuunikidwa payokha pamsonkhano wake, monga mmene zipatala zimachitira kale, koma siingatsogolere ntchito ya mwezi ndi mwezi. Ndimasankha chinthu chimene chimachitika kawirikawiri ndipo chili m'manja mwa wodi: ana amene mtima wawo unkamveka mayi akulowa, koma abadwa akufa. Akakhala asanu ndi mmodzi pa 200, ndiye kuti 30 pa 1,000, ndipo tingagwirizane zowatsitsa kufika pa 15 m'zaka ziwiri, tikuwerenga miyezi itatu pamodzi kuti nambala isamadumphedumphe. Mawu akuti "mtima unkamveka mayi akulowa" sindiwachotsa ngakhale wina adandaule kuti ndi ataliatali. Popanda iwo, mwana amene wafera mu leba angathe kulembedwa kuti adafa kalekale m'mimba, wodi n'kuoneka yoyera.

Muyeso umenewu uli ndi khomo lothawira, ndipo khomolo ndi ambulansi. Wodi imene ikufuna manambala abwino ingathe kutumiza ku chipatala chachikulu mayi aliyense amene leba yake yayamba kuvuta, mwana n'kukafera panjira kapena m'kaundula wa ena. Choncho muyeso wachiwiri wa mbali ya odwala ndi chiwerengero cha amayi otumizidwa kwina ali mu leba, pamodzi ndi mmene zinawathera. Imfa za ana zikatsika pamene otumizidwa akwera kuchoka pa 10 kufika pa 25 pamwezi, sitiomba m'manja, timatsegula mafayilo. Ena amafunsa kuti nanga kukhutira kwa amayi tikusiya? Sindikusiya, koma funso lakuti "mwakhutira?" lofunsidwa ndi namwino wovala yunifolomu mayi asanatuluke pageti limayankhidwa kuti inde nthawi zonse, poti ulemu wathu sulola kudandaula pamaso pa amene wakuthandiza. Bwino kufunsa chinthu chooneka, monga ngati panali mzamba pambali pake mwana akubadwa, ndipo afunse ndi munthu wa komiti ya chipatala, kunja kwa wodi.

Tikatsika ku mbali ya kayendedwe ka ntchito, funso limakhala limodzi: n'chiyani chimene chikachitika bwino mu leba chimapulumutsa ana ajawa? Ziwiri ndi zodziwika. Choyamba ndi kumvera mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse leba ikakhwima, ndi kulemba pa patogirafu. Chachiwiri ndi nthawi yochokera pamene dokotala walamula opaleshoni kufika pamene mpeni wakhudza khungu. Mabuku ambiri amatchula mphindi 30 pa zadzidzidzi zenizeni, koma wodi imene pano ikutenga maola awiri ndimayamba kuiikira ola limodzi, chifukwa chandamale chimene aliyense akudziwa kuti sichingatheke chimangophunzitsa anthu kulemba nthawi yabodza. Patogirafu ndiye pali msampha waukulu. Mukangowerenga mapepala odzazidwa mupeza 95 peresenti, pamene ambiri adadzazidwa mwana atabadwa kale. Zimadziwika mosavuta kwa amene akufuna kudziwa: cholembera chimodzi ndi dzanja limodzi kuyambira masana mpaka m'bandakucha ngakhale shifiti idasintha pakati, ndi mtima wa mwana wolembedwa 140 mzere wonse osagwedezeka. N'chifukwa chake muyeso ndimaulemba motere: mkulu wa wodi alowe mu leba pa nthawi yosalengezedwa, kangapo pamlungu, usiku womwe, aone ngati mayi amene ali pabedi nthawi imeneyo adamveredwa m'mphindi 30 zapitazo. Nambala yake imatsika kwambiri poyerekeza ndi ya mapepala, ndipo yotsikayo ndiyo imayenda limodzi ndi imfa za ana.

Mbali ya luso ndi imene imaonongeka msanga kuposa zonse, chifukwa chosavuta kuwerenga ndi anthu amene apita ku wekishopu. Nambala imeneyo ingakwere chaka chonse wodi ikusowa anthu, pakuti mzamba amene ali ku maphunziro ku tauni sali pa shifiti. Ine ndimawerenga mashifiti a usiku amene panali azamba okwanira malinga ndi mmene chipatala chidagwirizanirana, tinene awiri, komanso azamba amene m'miyezi itatu yapitayi ayeserera pa chidole kutsitsimutsa mwana wosapuma, wina akuwaona ndi kuwakonza. Apa kulumikizana kumaonekera poyera. Mzamba mmodzi amene ali ndi amayi asanu mu leba sangamvere mitima isanu mphindi 30 zilizonse kwinaku akubereketsa wachisanu ndi chimodzi, ngakhale atakhala ndi masatifiketi odzaza khoma. Muyeso wa patogirafu ukafiira pamodzi ndi wa mashifiti, mlandu suli kwa mzamba, uli kwa amene amakonza ndandanda ndi amene amalemba anthu ntchito.

Pa ndalama ndimadutsa mwachangu, osati poti n'zosafunika, koma poti akauntanti amakhala nazo kale. Ndimatengapo ziwiri zokha zimene zimakhudza leba. Zipatala zambiri za CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera athandizidwe mwaulere, chipatala n'kutumiza bilu pambuyo pake, choncho masiku apakati pa kutumiza bilu ndi kulandira ndalama ndi muyeso weniweni wa moyo wa wodi. Wachiwiri ndi masiku pamwezi amene chinthu chimodzi mwa zofunikitsa chinasowa: dizilo wa jenereta ndi ambulansi, jakisoni wa okisitosini, magolovesi, ulusi wosokera. Okisitosini amafuna furiji ya madigiri 2 mpaka 8, kotero botolo limene lakhala potentha milungu yambiri, ngakhale lili pa shelefu, ndimafuna liwerengedwe ngati losowa. Tsopano werengani khadi kuchokera pansi: bilu ikachedwa dizilo amatha, magetsi akazima fiyeta imadikira, opaleshoni ikachedwa mwana amene mtima wake unkamveka amabadwa wakufa. Muyeso umene sungalowe m'chiganizo chotere ndimauchotsa, ngakhale ukhale wokoma bwanji. Yatsala isanu ndi itatu, iwiriiwiri mbali iliyonse, ndipo funso la komiti lija limabwera ngati lipoti lapambali.

Chotsutsa choyamba chimene ndimamva n'chakuti zipatala zatopa kale ndi malipoti, poti mwezi uliwonse zimatumiza manambala ambirimbiri mu DHIS2. N'zoona, koma manambala amenewo amakwera kupita ku boma ndi ku unduna kuti akaone dziko lonse, ndipo kawirikawiri mzamba amene adawalemba sawaonanso. Khadi limatsalira m'chipatala. Miyeso yake yambiri imachokera m'makaundula omwewo, ndipo yatsopano ikaposa iwiri kapena itatu, ndiye kuti ndalemetsa anthu katundu amene adzamutaya mwezi wachitatu.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera, ndipo sindichipeputsa. Chimati chilichonse chimene mwachisandutsa chandamale anthu amachisewera, mfundo imene Charles Goodhart adaitchula mu 1975 pa nkhani za ndalama. Umboni ulipo. Ku Mangalande, lipoti la Robert Francis la 2013 lokhudza chipatala cha Stafford lidapeza kuti akuluakulu adaika mtima pa kukwaniritsa zandamale ndi kulinganiza ndalama pamene odwala ankavutika m'mawodi osasamalidwa. Koma taonani chimene chidalakwika kumeneko: mbali imodzi idameza zinzake, ndipo madandaulo a odwala ndi kuchepa kwa anamwino sizinkalemera pa tebulo la akuluakulu. Kusiya kuyeza sikukadawapulumutsa odwala aja. Chimene ndimatengapo ine n'chakuti miyeso iziyang'anirana monga ndafotokozera, ndiponso kuti khadi lisamangidwe ku alawansi kapena ku chilango cha munthu mmodzi, makamaka chaka choyamba. Tsiku limene mzamba adziwa kuti nambala yofiira imudula ndalama, nambala yofiira imasowa m'kaundula, osati m'wodi.

Palinso amene amati zambiri sizili m'manja mwa chipatala: amayi amafika mochedwa, misewu imaduka dzinja, ndalama zaboma zimabwera pa nthawi yake yake. Khadi silingakonze msewu, ndipo ndi chifukwa chomwecho muyeso wapamwamba umangowerenga ana amene adafika ali moyo. Za bilu yochedwa, nambala ya masiku yolembedwa mwezi ndi mwezi pambali pa masiku osowa dizilo imalankhula mwamphamvu ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuposa kudandaula pakamwa.

Muyeso uliwonse ukhale ndi mwini wake wotchulidwa udindo, kumene nambala ichokere, ndi tsiku lake. Akuluakulu a chipatala, ikani ola limodzi pamwezi loti mkulu wa azamba, dokotala, wa ku famase ndi akauntanti akhale pamodzi ndi tsambali, ayambire pa chofiira, ndipo asabalalike asanalembe amene achitepo kanthu ndi tsiku lomaliza. Ngati ola limenelo simungalipeze, musavutike kukonza khadi.