Malikisi 14 amene anali m'sutikesi ku Misuku

Pakoleji pano tilipo atatu ochokera ku Misuku, ndipo tchuthi chikakwana timayendera limodzi: basi yausiku mpaka ku Karonga, minibasi ya ku Chitipa yomwe imatisiya pa Kapoka, kenako kudikira galimoto iliyonse yokwera mapiri. Zotsatira za semesita zimatipeza tili kumeneko. Tsiku limene nkhani iyi inayamba tinali titakwera pachitunda pomwe netiweki imagwirako, foni imodzi anthu atatu, aliyense akulowetsa nambala yake mwamantha. Awirife zinatiyendera. Mlongo wathu, yemwe m'kalasi amatiposa tonse, anapeza kuti kozi imodzi walephera. Panali manambala atatu okha: `CA` 13, mayeso omaliza 35, zonse pamodzi 48. Kuti munthu akhoze pamafunika 50.

Sitinakulire m'dongosolo la malikisi a m'kati mwa semesita. Kusekondale tinkalemba mayeso a pakati pa teremu ndi a kumapeto, koma tonse tinkadziwa kuti satifiketi ya MSCE imachokera pa zimene walemba pamayeso a MANEB basi. Ndife a gulu lija la 2020. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, tinabwerera, tinayamba kulemba, ndiye mu Novembala boma linathetsa mayeso onse chifukwa mapepala anabedwa. Tinalembanso mu Januwale 2021. Ku England chaka chomwecho mayeso sanalembedwe n'komwe, ndipo pamapeto ana anapatsidwa magiredi ochokera kwa aphunzitsi awo. Kuno zimenezo sizikanatheka, popeza ntchito yathu ya zaka zinayi inalibe gawo pasatifiketi. Choncho titafika kukoleji n'kumva kuti malikisi 40 pa 100 amachokera pa ntchito ya m'kati mwa semesita, ndipo mayeso omaliza ndi 60 okha, tinasangalala. Tinkati tsopano moyo wa munthu sudzapachikidwanso pa maola atatu.

Tikugwirizana nalobe dongosololi. Chimene sitinachione n'chakuti mayeso omaliza ali ndi alonda ambiri, pomwe malikisi a m'kati alibe. Pamayeso omaliza umasaina pepala losonyeza kuti unabwera, oyang'anira amawerenga mapepala asanatuluke m'chipinda, ndipo pepala limodzi likasowa aliyense amadziwa tsiku lomwelo. Malikisi 40 aja amasonkhana pang'onopang'ono kwa miyezi inayi, m'chikwama cha aphunzitsi, pa laputopu yawo, nthawi zina kudzera kwa mtsogoleri wa kalasi. Amadutsa m'manja ambiri, ndipo palibe amene amasainira.

Pachitunda paja tinakhala pansi n'kuyamba kuwerengera. Pa kozi imeneyi malikisi 40 anagawidwa patatu: asayimenti yoyamba 10, yachiwiri 10, mayeso a pakati pa semesita 20. Mlongo wathu ankakumbukira kuti pa yoyamba anapeza 7, pa yachiwiri 6. Kuphatikiza ziwirizi ndi 13, nambala yomwe inali pafoni ija ndendende. Apa m'pamene tinadziwa kuti sanalembe moipa, koma kuti gawo lathunthu silinalowe. Umu ndi mmene munthu angazindikirire vutoli: ngati nambala yako ikufanana ndi kuphatikiza kwa magawo ena okha, limodzi lasowa. Munthu amene wapeza 58 pa 100 pamayeso omaliza, yomwe ikachulukitsidwa ndi 0.6 imapereka 34.8, kawirikawiri sapeza ziro pamayeso a pakati a kozi yomweyo.

Chifukwa chake tinachikumbukira msanga. Sabata ya mayeso a pakati, agogo ake anamwalira. Anapempha chilolezo, anapita kumaliro, ndipo pobwerera mvula inali itaononga msewu wotsikira ku Kapoka moti anachedwa masiku ena atatu. Aphunzitsi anamumvetsa. Anamulembetsa mayeso ena yekha muofesi, anachonga, n'kumubwezera pepala lili ndi 14 pa 20. Koma nthawi imeneyo malikisi a kalasi yonse anali atalowetsedwa kale pakompyuta, ndipo bokosi lake linatsala lopanda kanthu. Sitikukhulupirira kuti panali njiru. Munthu wophunzitsa anthu oposa zana, pepala limodzi lobwera mochedwa, n'zosavuta kuiwala.

Chomwe chimasandutsa kuiwala kukhala kulephera ndi mmene kompyuta imawerengera. Aphunzitsi ambiri amasunga malikisi mu Excel. Akalemba `=SUM(C2:E2)`, bokosi lopanda kanthu silionjezera chilichonse, ndipo yankho limatuluka ngati kuti munthuyo anapeza ziro, popanda chenjezo lililonse. Akanati ayike pambali `=COUNT(C2:E2)`, pamzere wa mlongo wathu pakanatuluka 2 pomwe ena onse ali ndi 3, ndipo diso likanagwapo.

Ziro ndi bokosi lopanda kanthu n'zosiyana kwambiri. Ziro amatanthauza kuti tinakuyesa ndipo sunasonyeze chilichonse, kapena unathawa dala. Bokosi lopanda kanthu silinena zimenezo. Lingatanthauze kuti sunalembe pa chifukwa chomveka, kapena unalemba pepala n'kusowa lisanachongedwe, kapena linachongedwa koma nambala sinalowe. Mwa zitatuzi, ziwiri si mlandu wa wophunzira. N'chifukwa chake makoleji ambiri ali ndi chizindikiro chapadera, nthawi zambiri `I`, chosonyeza kuti ntchito sinamalizike ndipo giredi idikire. Vuto n'lakuti chizindikirocho chimafuna munthu woti achilembe, pomwe ziro wobisika uja amabwera yekha.

Tinayesa njira zonse zimene dipatimenti ikanatsata. Ndi malikisi ake enieni, 7 ndi 6 ndi 14 ndi 27, kuonjezera 34.8, anali ndi 61.8. Pepala likanasowa, akanatha kutenga 13 pa 20 amene analipo n'kuwachulukitsa kawiri kuti akwane pa 40, n'kupeza 26, zonse pamodzi 60.8. Akanangotenga mayeso omaliza okha, anali ndi 58. Njira zitatu zonsezi zikumukhozetsa. Njira imodzi yokha, yowerengera ziro, ndiyo inamugwetsa.

Tiyenera kuvomereza kuti njira yachiwiri ija ili ndi vuto lake, ndipo tikumvetsa chifukwa chake aphunzitsi ena saifuna. Asayimenti timalembera kuhositelo, mabuku ali potsegula, anzathu ali pambali, ndipo tonse tikudziwa mmene ena amalembera. Mayeso a pakati amalembedwa pamaso pa woyang'anira. Kuika malikisi a asayimenti m'malo mwa mayesowo kukanatsegulira khomo anthu odwala mwadala sabata ya mayeso. Ife tikuona kuti munthu amene sanalembe pa chifukwa chomveka ndi bwino alembe mayeso ena, ndipo kuchulukitsa kuja kusungidwire pamene pepala lasowa m'manja mwa sukulu.

Kuwerengera komweko kunatiphunzitsa china chimene tinkachinyozera. Munthu amene ali ndi 27 pa 40 akamalowa m'chipinda cha mayeso amafunika 23 pa 60, pafupifupi 38 pa 100, ngati malamulo a kozi sakuika malire ena pamayesowo. Amene ali ndi 13 amafunika 37 pa 60, pafupifupi 62 pa 100. Amene alibe kalikonse amafunika kupitirira 83 pa 100. Mlongo wathu analowa m'mayeso akuganiza kuti phiri lake ndi 38, pomwe m'mabuku a sukulu linali 62. Ndipotu malikisi a m'kati anali atamatidwa pachitseko cha ofesi sabata yomaliza ya makalasi. Tonse atatu tinadutsapo kangapo osaima, maganizo ali pa mayeso. Akanaona tsiku limenelo, nkhaniyi ikanatha m'mphindi zisanu ndi cholembera.

Pomwe giredi yatuluka, zinthu zimakhala zitasintha. Yadutsa kale m'misonkhano ya dipatimenti ndi ya akuluakulu, ndipo aphunzitsi paokha sangaisinthe. Kuonjezera apo, kozi iyi inali khomo la ina ya semesita yotsatira. Kuibwereza kukanatanthauza ndalama zina komanso mwina chaka china, ndipo ndalamazo kwathu zimachokera ku khofi.

Madzulo tinawafotokozera bambo ake. Iwo sanafunse za ma peresenti. Anangoti, "Mwana wanga, pepala lako lili kuti?" Kwathu khofi sagulitsidwa tsiku limodzi. Nyengo yokolola mlimi amathyola zipatso zofiira kangapo, amapita nazo kufakitale ya kufupi, amaziyeza pasikelo, kalaliki amalemba makilogalamu, ndipo ndalama zimabwera pambuyo pake potengera zonse zimene zinalembedwa. Bambowa amasunga kapepala kalikonse m'chitini, chifukwa amadziwa kuti pa tsiku lowerengera mawu a pakamwa salemera kanthu. Mlongo wathu anakhuthula sutikesi yake pamphasa. Pepala lija linali pansi penipeni, litapindidwa m'kope la nyimbo za kwaya, 14 wofiira ali pakona ndi siginecha ya aphunzitsi.

M'mawa tinakweranso pachitunda. Tinajambula masamba onse a pepalalo, tinalemba kalata yaifupi kwa mkulu wa dipatimenti yotchula kozi, tsiku limene analemba mayeso apaderawo, ndi kuwerengera kuja, popanda mawu odandaula kapena oloza munthu chala. Kenako anaimbira aphunzitsi. "Pepani bwana, ndakuvutitsani pa tchuthi. Ndikuona ngati malikisi anga a mayeso a pakati sanalowe." Iwo anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti akukumbukira, ndipo adzaze fomu yosinthira giredi sukulu ikatsegulira, abwere ndi pepala lenilenilo, osati chithunzi chokha. Fomuyo inafuna siginecha ya aphunzitsi, ya mkulu wa dipatimenti ndi ya ku ofesi yosunga zotsatira. Zinatenga masabata asanu. Panthawiyo ankalowa m'kalasi ya kozi yotsatira dzina lake lisali pamndandanda, osadziwa ngati adzaloledwa kulemba. Giredi itasintha inakhala 62.

Si onse zimawathera chotero. Mmodzi wa ife awiri otsalafe anataya malikisi a asayimenti ya pagulu chaka choyamba, chifukwa amene ankataipa chikuto anaiwala dzina lake. Ntchito anagwira, koma analibe kope, analibe uthenga uliwonse wosonyeza zimene analemba, ndipo anazindikira patapita miyezi. Kozi anakhozabe, koma giredi inatsika ndipo inakhala choncho.

Semesita ino tili ndi envelopu yaikulu imodzi m'chipinda cha mmodzi wa ife, momwe timaponyamo pepala lililonse lochongedwa, ndipo pa tsamba lomaliza la kope la kozi iliyonse tinalemba mmene malikisi 40 agawidwira. Sabata yatha mndandanda unamatidwanso pachitseko. Tinaima, tinawerengera, zathu zinali bwino. Mzere wachitatu kuchokera pansi unali ndi bokosi lopanda kanthu, ndipo nambalayo inali ya mnyamata wa chaka choyamba wa ku Nthalire. Tinakamupeza kukafiteriya akudya, ndipo anasiya mbale yake n'kuthamangira kuhositelo kukafufuza m'chikwama.