Mtima wa pa bolodi, mtima wa pa foni

Pamene ndinali mu giredi 11 kuno ku Chipata, buku la bayoloji linali limodzi lokha, la aphunzitsi. Iwo ankajambula mtima pa bolodi ndi choko choyera, ife n'kumakopera. Mayina ndinawaloweza onse, koma pa mayeso ndinasokoneza kumanja ndi kumanzere. Sindinkadziwa kuti chithunzicho chili ngati munthu amene mwayang'anizana naye: dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwanu. Mpaka lero zimandiwawa.

Mwana wanga wamkazi sakopera pa bolodi. Pa foni yake mtima umagunda, magazi akuyenda, ena ofiira, ena abuluu. Ine ndinasirira. Koma nditamujambulira mtima papepala, wopanda mitundu ndi mayina, anasowa poyambira. Mitundu ija ndiyo inkamutsogolera, ndipo ankaganiza kuti mtsempha uliwonse wabuluu ndi veini.

Ndinamupatsa pensulo. Tinayambira pa vena kava, mitsempha iwiri ikuluikulu yobweretsa magazi amene atsala ndi okosijeni wochepa. Imathira m'chipinda chapamwamba chakumanja, atiriyamu. Kuchoka apo magazi amatsika kudzera pa valavu ya zitseko zitatu, tirikasipidi, n'kulowa m'chipinda chapansi, ventiriko. Ventiriko ikafinya, zitseko zija zimatsekeka, ndipo njira yotsala ndi imodzi: kukwera kudzera pa valavu ina kulowa mu mtsempha wopita ku mapapo. Apa mpamene anakhumudwa. Mtsempha umenewu ndi atare ngakhale amaupaka buluu, chifukwa dzinali limatsata kumene magazi akulowera. Wochoka ku mtima ndi atare, wobwerera ndi veini.

Ku mapapo magazi amatenga okosijeni, n'kubwerera m'maveini anayi ku atiriyamu yakumanzere. Amatsika pa valavu ya zitseko ziwiri, baikasipidi, kulowa mu ventiriko yakumanzere, imene imawakankhira mu aota kupita m'thupi lonse. Ndinamuuza kuti pensulo ikangodutsa khoma lapakati, adziwe kuti wasochera, pakuti mu mtima wabwinobwino magazi sachoka kumanja kupita kumanzere osayamba afika ku mapapo.

Loweruka lotsatira ndinagula mtima wa mbuzi ku Saturday Market, tinaudula pakati. Anagwira yekha tizingwe toyera timene timamanga zitseko zija kuti zisatembenukire m'mwamba. Anatsinanso makoma. Lakumanzere linali lochindikala pafupifupi katatu kuposa lakumanja, chifukwa mbali iyi imatumiza magazi mpaka kuzala za kumapazi, pamene inayo imangowafikitsa ku mapapo pafupi pomwepa.

"Ndiye kuti Atate, ngakhale asalembe mayina, khoma lokhuthala ndilo kumanzere?"

Ndinavomera. Chimenechi n'chimene ine ndinachisowa pa mayeso aja. Aphunzitsi a bayoloji, foni ana aziionera, koma apatseninso chithunzi chopanda mitundu ndi pensulo, atsate magazi okha kuyambira pa vena kava mpaka mu aota.