Ndalama Zikaimitsidwa pa Msika wa pa Intaneti

Amayi anzanga, mukagulitsa katundu pa msika wa pa intaneti, wogula salipira inu mwachindunji. Ndalama zimayamba zafika kwa eni msika, ndipo iwo amazitumiza kwa inu akakhutira kuti wolandirayo ndi inudi. Akakayika, amaziimitsa kuti afufuze.

Kwa ife a pabanja, chokhumudwitsa chachikulu ndi dzina. Mnzanga wina kuno ku Matope anagulitsa madengu a K85,000, koma ndalama zinaimitsidwa. Pamsikapo analembetsa dzina la kwa amuna ake, chiphaso chake cha unzika chili ndi dzina la kwa bambo ake omubereka, ndipo nambala yolandirira ndalama inali ya amuna akewo. Maina atatu, munthu mmodzi! Kwa eni msika, zotere zimafanana ndi za mbala.

Ndinam'thandiza kukonza dzina la pamsika kuti lifanane ndi la pa chiphaso, chilembo ndi chilembo. Analembetsa nambala yakeyake, natumiza chithunzi cha chiphasocho mbali zonse ziwiri, chowala bwino, pamodzi ndi kalata ya ukwati yosonyeza kumene dzina linalo linachokera. Ndalama zinatuluka.

Nthawi zina chifukwa chimakhala china: wogula wadandaula kuti katundu sanafike. Pamenepo chokupulumutsani ndi risiti ya amene ananyamula katunduyo, choncho muziisunga. Onaninso kuti chiphaso chanu sichinathe ntchito.

Koma wina akakuimbirani foni nafuna nambala yanu yachinsinsi kuti amasule ndalamazo, dulani foniyo. Ameneyo ndi wakuba.