Ngumbi ndi nyama, tizizisamala ngati nyama

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, kuno ku Mzilawaingwe ana amathamangira pansi pa babu ndi beseni la madzi kukatola ngumbi, zomwe anzathu a Chitumbuka amati mphalata. Ine ndimazidya ndipo sindichita nazo manyazi. Ngumbi zouma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mapuloteni omanga thupi, ndipo gawo lina lalikulu ndi mafuta. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambirife timaziona ngati mtedza, pomwe zimawonongeka ngati nyama.

Mafuta aja ndiwo amazikometsa, komanso ndiwo amazivunditsa. Mzuzu ndi wachinyontho, ndipo nthawi ya dzinja dzuwa limatha kubisala masiku angapo. Ngumbi zoyanikidwa zosaphika pa thumba pansi zimayamba kununkha zisanaume, ntchentche zikuterapo.

Ndikapeza mbale imodzi yodzadza, ndimazikonza usiku womwewo. Zimene ndazipeza zitafa kale pansi ndimataya. Zotsalazo ndimazitsuka katatu kuti mchenga uchoke, kenako ndimaziwiritsa m'madzi amchere kwa mphindi pafupifupi 10, chifukwa kuwiritsako ndiko kumapha tizilombo totsegula m'mimba. Ndikakhetsa madzi, ndimazikazinga m'chiwaya popanda mafuta, pamoto wochepa, ndikutakasa mpaka zitauma. Mapiko amathothoka okha, ndipo ndimawapeta pa lichero. Zosunga ndimaziyanika pathandala. Kukakhala mitambo ndimazikazinganso m'mawa mwake, osadikira dzuwa. Yauma bwino ndi imene imaphwanyika ukaitswanya ndi zala. Ikamanyambitika, sinafike poikidwa m'botolo.

Pogula pamsika ndimayamba ndanunkhiza. Fungo la mafuta okhalitsa, kumatana m'zibuma, kapena chuku choyera ngakhale chobiriwira, zonsezi zimandiuza kuti ndizisiye. Ena amati ukazikazinganso zimakhala bwino, koma poizoni wa chuku satha ndi moto.

Ziwala nkhani yake ndi ina. Chiyambireni mbozi za ntchemberezandonda kuwononga chimanga m'dziko muno cha mu 2017, alimi ambiri amapopera mankhwala m'minda ndi m'madimba. Chiwala chomwe chadya masamba opoperedwa chimakhala ndi mankhwalawo m'thupi, ndipo kuwiritsa sikuwachotsa. Chiwala chofooka, chogwidwa mosavuta masana dzuwa likuswa mtengo, n'chokayikitsa. Funsani mwini munda musanagwire. Zabwinozo muzichotse mapiko ndi miyendo yaminga ija, chifukwa imatha kubaya pakhosi, makamaka ana. Nunkhadala, wa mawanga owala uja, musamukhudze n'komwe.

Palinso anthu amene thupi lawo limadana ndi nkhanu, moti akadya amatuluka zidzolo kapena kutupa milomo. Otere asamale, chifukwa ngumbi ndi ziwala zingawachite chimodzimodzi. Mwana amene akudya koyamba mumulawitse ziwiri zitatu zokha, muone kaye mmene zimukhalire. Akayamba kubanika, thamangirani naye kuchipatala.